Ndinawerenga maduwa a m'mawa, komabe ndinachita ngozi

*Shehe, kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikuwerenga maduwa, mapemphero aja a m'mawa ndi madzulo, kuchokera m'kabuku kamene ndinapatsidwa, ndipo ndinauzidwa kuti amene amawawerenga palibe chimene chingamupweteke. Mwezi wathawu ndinagwa pa njinga yamoto n'kuthyoka mkono, chonsecho m'mawa wa tsikulo ndinali nditawerenga. Mnzanga wina akuti chikhulupiriro changa n'chofooka, wina akuti ndinalodzedwa. Kodi maduwawa amateteza ku chiyani kwenikweni, nanga ine ndinalakwitsa pati?*

M'bale wanga, Allah akuchizeni ndipo awulumikize bwino mkonowo. Mawu akuti palibe chimene chingamupweteke munthu si ongopeka ayi, ali m'hadisi, koma ananenedwa pa duwa imodzi yodziwika, yokhala ndi chiwerengero chake ndi nthawi yake, osati pa kabuku konse. Timabuku timeneti timasonkhanitsa maduwa ambiri amene Mtumiki Muhamadi, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anaphunzitsa Maswahaba osiyanasiyana pa nthawi zosiyanasiyana, ndipo iliyonse inabwera ndi lonjezo lakelake. Ina inalonjezedwa kuteteza ku tsoka ladzidzidzi, ina ku ululu wa tizilombo toluma usiku, ina kwa Satana, pomwe ina sinalonjeze chilichonse cha thupi koma inalonjeza mathero abwino kwa amene imfa yamupeza tsikulo. Munthu akasakaniza malonjezo amenewa kukhala chinthu chimodzi amayamba kuyembekezera zimene sizinanenedwe, ndipo akakhumudwa amaloza chala pamalo polakwika.

Duwa imene ikukhudza nkhani yanu mwachindunji ndi yomwe inachokera kwa Usumani bin Afani, Allah asangalale naye, ndipo ikupezeka m'mabuku a hadisi a Abu Daudi, Tirimizi ndi Ibunu Maja. Mawu ake ndi akuti "Bismillahil-ladhi la yadurru ma'asmihi shai-un fil-ardi wa la fis-sama-i wa huwas-Sami'ul-'Alim", kutanthauza kuti: m'dzina la Allah, amene pamodzi ndi dzina lake palibe chimene chingapweteke padziko kapena kumwamba, ndipo Iye ndi Wakumva, Wodziwa. Imanenedwa katatu m'mawa ndi katatu madzulo. Malinga ndi mmene anailembera Tirimizi, amene wanena mawu amenewa palibe chimene chidzamupweteke, pomwe malinga ndi mmene anailembera Abu Daudi, tsoka ladzidzidzi silimugwera mpaka kucha ngati wanena madzulo, kapena mpaka madzulo ngati wanena m'mawa. Kugwa pa njinga ndi tsoka ladzidzidzi ndithu, choncho sindikuzembani ngati kuti funso lanu ndi lopepuka.

Chochititsa chidwi n'chakuti funso lomwelo linafunsidwa kwa munthu amene anatifikitsira hadisiyi. Amene anaimva kwa Usumani ndi mwana wake Abani, wophunzira wodziwika wa ku Madina, ndipo Abaniyo anagwidwa ndi matenda a kufa ziwalo mbali imodzi ya thupi. Tsiku lina akuphunzitsa hadisi imeneyi, munthu amene ankamvetsera anayamba kumuyang'anitsitsa, ndipo ngakhale sanatsegule pakamwa, maso ake ankafunsa kuti nanga inuyo zinakuchitikirani bwanji. Abani anamufunsa chimene ankamuyang'anira, kenako anamuuza kuti hadisiyo ili monga mmene waimvera, kuti sanamunamizire Usumani ndipo Usumani sanamunamizire Mtumiki, koma kuti tsiku limene matendawo anamugwira anali atakwiya ndipo anaiwala kunena mawuwo. Mwa Tirimizi akuwonjezera kuti sanawanene tsikulo n'cholinga choti Allah akwaniritse chikonzero chake pa iye. Onani kuti Abani sanatsutse lonjezo, komanso sanakane kuti iye wavulala. Ananena kuti Allah akafuna kuti chinthu chichitike amachotsa kaye chotchinga chake, ndipo nthawi zina chotchingacho chimachoka mwa njira yaing'ono ngati mkwiyo wa m'mawa umodzi.

Ndiye chinthu choyamba chimene mungadzifunse, popanda kudziimba mlandu, n'chakuti kodi duwa imeneyi munainenadi m'mawa umenewo, katatu konse. Ndikufunsa chonchi chifukwa ndimadziwa mmene chizolowezi chimanamizira. Munthu amene wawerenga kabuku kamodzimodzi kwa zaka ziwiri amakumbukira kuti anawerenga, koma chimene akukumbukiracho nthawi zambiri ndi chizolowezi cha masiku onse, osati tsiku lenilenilo. Pa tsiku lofulumira anthu amawerenga masamba oyambirira n'kusiyira panjira poganiza kuti amaliza akafika kumene akupita, ndipo m'timabuku tambiri duwa ya Usumaniyi siili koyambirira. Ena amainena kamodzi m'malo mwa katatu. Ngati mutaganiza bwino mwapeza kuti zinali choncho, yankho la Abani ndi lanunso, ndipo palibe tchimo pamenepo, chifukwa maduwawa ndi suna, si faradhi, ndipo kuiwala si kulakwa.

Koma tinene kuti munainena yonse katatu monga mwa nthawi zonse, ndipo ine ndilibe chifukwa chokukayikirani. Pamenepo tiyenera kuyang'ana mawu akuti kupweteka, ndipo duwa ina yachiwiri ndi imene imatithandiza kuwamvetsa. M'buku la Muslim, Abu Huraira akusimba kuti munthu wina anabwera kwa Mtumiki kudzadandaula za ululu umene anaumva atalumidwa ndi chinkhanira usiku wapitawo. Mtumiki anamuyankha kuti akadanena madzulo mawu akuti "A'udhu bikalimatillahit-tammati min sharri ma khalaq", kutanthauza kuti: ndikudzitchinjiriza ndi mawu a Allah okwanira ku zoipa za zimene analenga, chinkhaniracho sichikadamupweteka. Mtumiki sananene kuti sichikadamuluma, ananena kuti sichikadamupweteka. Tirimizi analemba hadisi yofanana nayo yonena kuti mawuwa anenedwe katatu madzulo, ndipo anawonjezera umboni wa Suhaili, mmodzi mwa amene anaifikitsa, wakuti anthu a pabanja pake anaphunzira mawuwa n'kumawanena usiku uliwonse, ndipo mtsikana wina wa pabanjapo analumidwa koma sanamve ululu. Mbola inalowa m'thupi, koma chimene mbolayo imanyamula sichinagwire ntchito.

Kuchokera apa ophunzira amasiyanitsa pakati pa kukhudzidwa ndi chinthu ndi kuwonongedwa nacho. Chitetezo nthawi zina chimabwera chinthucho chisanafike, moti munthu sadziwa n'komwe kuti panali choopsa, ndipo nthawi zina chimabwera mkati mwa chinthucho, n'kuchichepetsa mphamvu. Inuyo mukuwerenga mkono umene unathyoka chifukwa ndi umene mukuuona, koma aliyense amene anaonapo ngozi za njinga zamoto akudziwa kuti munthu akagwa, mutu, khosi ndi msana zimakhala pafupi kwambiri ndi nthaka monga mmene mkono umakhalira. Sindikunena kuti ndikudziwa chimene chinabwezedwa kwa inu tsikulo, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti akudziwa akulankhula za zobisika zimene sanapatsidwe. Ndikungonena kuti hadisi ya Abu Saidi Al-Khuduri imene ili m'buku la Imamu Ahmadi imatchula njira zitatu zimene duwa imayankhidwira: kupatsidwa msanga chimene wapempha, kusungiridwa ku tsiku lomaliza, kapena kubwezedwa kwa choipa cholingana nacho. Njira yachitatuyi mwa chibadwa chake sioneka, chifukwa choipa chimene chabwezedwa sichisiya chipsera choti munthu aloze.

Pali chinthu china chimene mnzanu woyamba uja wachiphonya, ndipo pamenepa ndilankhula molimba pang'ono. Ngati kuvulala kukanakhala umboni wa chikhulupiriro chofooka, tikanati chiyani za Mtumiki mwini wake, amene pa nkhondo ya Uhudi m'chaka cha 625 anavulazidwa kumaso mpaka magazi kuyenderera ndipo dzino lake linathyoka? Iyeyo ndi amene anaphunzitsa maduwawa ndipo palibe amene ankawasamala kuposa iye. Iye yemweyo, atafunsidwa ndi Saadi bin Abi Wakasi kuti ndi anthu ati amene amayesedwa koposa, anayankha kuti ndi aneneri, kenako amene akuwatsatira pa ubwino, ndipo munthu amayesedwa molingana ndi mphamvu ya chipembedzo chake. Usumani nayenso, mwini hadisi ya "Bismillahil-ladhi" ija, anaphedwa m'nyumba mwake mu 656. Maduwa a m'mawa ndi madzulo ndi njira imene Allah anaika yobwezera zoipa, monga mmene anaikira mankhwala kukhala njira yochizira, koma njira siimulamula Mwini wake, ndipo nthawi ya mayeso kapena ya imfa ikakwana palibe mawu amene angaimitse. Choncho kuyeza imani ya munthu poyang'ana pulasitala wa pamkono pake ndi kuyeza ndi muyeso umene Chisilamu sichikuudziwa.

Komabe mtima uli ndi gawo lake, ndipo sindikufuna kuti pokutonthozani ndibise zimenezi. Ibunu Al-Kayimu, wophunzira wa ku Damasiko amene anamwalira mu 1350, anayerekeza maduwa ndi chida chankhondo, n'kunena kuti chida chimagwira ntchito molingana ndi amene wachigwira, osati kuthwa kwake kokha: pamafunika chida chabwino, dzanja lamphamvu, ndi kusakhalapo kwa chotsekereza. Chida pano ndi mawu amene anachokeradi kwa Mtumiki. Dzanja ndi mtima umene ukudziwa chimene lilime likunena. Chotsekereza chodziwika kwambiri ndi chuma cha haramu, monga mmene hadisi ya m'buku la Muslim ikufotokozera za munthu wapaulendo wautali, wotuwa ndi fumbi, amene akukweza manja kumwamba kuitana Mbuye wake, pomwe chakudya chake, chakumwa chake ndi chovala chake ndi za haramu, ndipo Mtumiki akufunsa kuti ayankhidwa bwanji woteroyo. Zimenezi ndi zoti munthu azidzifufuza nazo yekha, si zoti mnzake azimuweruza nazo. Njira yosavuta yodziyesera ndi iyi: mukamaliza kunena duwa katatu, dzifunseni kuti mwangopempha chiyani. Ngati simungathe kuyankha m'chilankhulo chanu, kapena ngati mumapezeka kuti mwafika kumapeto kwa tsamba osadziwa kuti mwadutsa bwanji pakati, ndiye kuti lilime lakhala likuyenda lokha. Malipiro a kutchula dzina la Allah alipobe, koma chida chili m'dzanja lofooka. Kwa munthu wotere ine ndimalangiza kuti achepetse: asankhe maduwa anayi kapena asanu, aphunzire tanthauzo la liwu lililonse, awanene modekha, kenako aziwonjezera imodzi imodzi. Izi zimaposa kuthamanga m'maduwa makumi awiri pa mphindi zitatu.

Tsopano za ufiti, zimene mnzanu wachiwiri wanena. Chisilamu sichikana kuti ufiti ulipo, ndipo m'buku la Bukhari muli nkhani ya Labidi bin Al-Asamu amene analodza Mtumiki. Maduwa a m'mawa ndi madzulo ali ndi gawo lake lolimbana ndi zimenezi, lomwe ndi masura atatu omaliza a Kurani. Abudullah bin Khubaibu akusimba kuti anatuluka usiku wa mvula ndi mdima wandiweyani kukafuna Mtumiki kuti awatsogolere Swala, ndipo atamupeza Mtumiki anamuuza kuti nena. Iye sanadziwe choti anene ndipo anangokhala chete, mpaka atauzidwa kachitatu m'pamene anafunsa kuti anene chiyani. Mtumiki anamuuza kuti aziwerenga Sura ya Al-Ikhlas ndi masura awiri odzitchinjirizira, Al-Falaq ndi An-Nas, katatu madzulo ndi katatu m'mawa, ndipo zidzamukwanira pa chilichonse. Awa ndi masura 112, 113 ndi 114. Mukawawerenga mosamala muona kuti anagawana ntchito. Al-Falaq ikutchula zoipa zobwera kuchokera kunja kwa munthu: zoipa za zolengedwa zonse, za mdima ukagwa, za ouzira pa mfundo, amene ndi alozi, ndi za wakaduka akamachita kaduka kake. An-Nas ikutchula choipa chimodzi chokha, manong'onong'o olowa m'zifuwa za anthu kuchokera kwa majini ndi kwa anthu anzawo, koma pa choipa chimodzichi Allah akuitanidwa ndi maina atatu, Mbuye wa anthu, Mfumu ya anthu, Mulungu wa anthu, pomwe pa zoipa zinayi za Al-Falaq akuitanidwa ndi dzina limodzi. Omasulira Kurani anaona m'menemu chizindikiro chakuti choopsa cholowa mumtima n'chachikulu kuposa chogunda thupi.

Mawu a mnzanuyo ndi chitsanzo cha manong'onong'o amenewo, ngakhale kuti mwina iye sanafune zoipa. Ngozi ya pamsewu ili ndi zifukwa zake zooneka, monga liwiro, mchenga pamalo okhota, mabuleki otha kapena tulo, ndipo munthu amene walumpha zonsezi n'kuthamangira ku ufiti popanda umboni amayamba kuyang'ana abale ake ndi anansi ake ndi diso lokayikira, kenako amapezeka ali pakhomo pa wolosera. Mtumiki ananena, monga zilili m'buku la Muslim, kuti amene wapita kwa wolosera n'kumufunsa kanthu, Swala yake siilandiridwa kwa masiku 40. Mkono wothyoka umapola m'masabata ochepa, koma ubale umene wasweka chifukwa cha kunamizirana ufiti umatha kukhala wosweka mpaka kumanda, ndipo pa ziwirizi chimene masura atatu aja akulimbana nacho kwambiri ndi chachiwirichi.

Izi zikutifikitsa ku gawo la maduwawa limene anthu ambiri saliwerengera ngati chitetezo. Abu Bakari, Allah asangalale naye, anapempha Mtumiki kuti amuphunzitse mawu oti azinena m'mawa ndi madzulo, ndipo m'duwa imene anaphunzitsidwa muli mawu akuti "a'udhu bika min sharri nafsi wa sharrish-shaitani wa shirkih", ndiko kuti: ndikudzitchinjiriza mwa Inu ku zoipa za mtima wanga, ndi ku zoipa za Satana ndi kuphatikiza kumene amaitanirako. Munthu wabwino koposa pambuyo pa aneneri anauzidwa kuti ayambe ndi kuopa mtima wake, Satana abwere pambuyo. Momwemonso duwa imene Abudullah bin Masudi anaisimba m'buku la Muslim, yoyamba ndi mawu akuti "Asbahna wa asbahal-mulku lillah" m'mawa ndi "Amsaina wa amsal-mulku lillah" madzulo, ikupempha chitetezo ku zoipa za tsikulo ndi za pambuyo pake, kenako ikutchula ulesi, ukalamba woipa, chilango cha ku Moto ndi chilango cha m'manda. Ndipo duwa imene Mtumiki anaitcha bwana wa kupempha chikhululuko, "Sayyidul-istighfar", yochokera kwa Shadadi bin Ausi m'buku la Bukhari, siilonjeza kuti munthu sadzafa tsikulo. Ikulonjeza kuti amene wainena masana ali wotsimikiza mumtima n'kufa usiku usanafike, kapena wainena usiku n'kufa kusanache, ali m'gulu la anthu a ku Jana. Apa hadisi ikuvomereza poyera kuti munthu angawerenge m'mawa n'kumwalira masana, ndipo ikumutcha wopulumuka. Mukadapanda kudzuka pamsewu paja mutanena duwa imeneyi ndi mtima wotsimikiza, anthu akanati maduwa sanamuthandize, pomwe malinga ndi hadisi ndi tsiku limene anakuthandizani koposa.

Kwa munthu woyenda pamsewu tsiku ndi tsiku ngati inu, pali duwa ina imene ndikufuna kuti muiike patsogolo. Abudullah bin Umari ananena kuti Mtumiki sankasiya mawu amenewa madzulo ndi m'mawa, ndipo ali mwa Abu Daudi ndi Ibunu Maja. Imayamba ndi kupempha chikhululuko ndi mtendere wopanda mavuto pa chipembedzo, pa moyo wa padziko, pa banja ndi pa chuma, kenako ikupempha kuti Allah abise zamanyazi za munthu ndi kukhazika pansi mantha ake, n'kumaliza ndi mawu akuti "Allahummahfazni min baini yadayya wa min khalfi wa 'an yamini wa 'an shimali wa min fauqi, wa a'udhu bi'azamatika an ughtala min tahti". Munthu akupempha kusungidwa kutsogolo, kumbuyo, kumanja, kumanzere ndi kumwamba, ndipo akudzitchinjiriza ndi ukulu wa Allah kuti asawonongedwe modzidzimutsa kuchokera pansi, zimene ofikitsa hadisiyi anamasulira kuti ndi kumezedwa ndi nthaka. Mbali zonse zisanu ndi imodzi zatchulidwa, ndipo palibe kwina kumene choopsa chingachokere. Koma onaninso kuti pamndandanda wa zopempha mtendere, chipembedzo chayamba, moyo wa padziko, banja ndi chuma zikutsatira.

Za nthawi, chifukwa nayonso imasokoneza ambiri. Kurani pa Sura 50 ndime 39 ikulamula kulemekeza Mbuye dzuwa lisanatuluke ndi lisanalowe, ndipo pachifukwa ichi ophunzira ambiri amati nthawi yabwino ya maduwa a m'mawa ndi kuyambira m'bandakucha, pa nthawi ya Swala ya Fajiri, mpaka dzuwa kutuluka, ndipo ya madzulo ndi kuyambira pambuyo pa Asiri mpaka dzuwa kulowa. Ena amati madzulo amayamba dzuwa likalowa ndipo amapitirira mpaka mbali ina ya usiku, choncho wowerenga pambuyo pa Magharibi asatsutsidwe. Amene wagonereza kapena watanganidwa awerengebe pamene wakumbukira, m'mawa mpaka dzuwa lisanafike paliwombo. Chimene muyenera kuzindikira n'chakuti lonjezo la hadisi ya Usumani limayenda kuchokera pamene mawu anenedwa mpaka nthawi inayo itakwana, moti maduwa a madzulo amamufikitsa munthu m'mawa, ndipo a m'mawa amamufikitsa madzulo. Amene amanyamuka m'mamawa poganiza kuti awerenga akafika amasiya mpata pakati, pa nthawi yomwe ali pamsewu. Maduwawa safuna wuzu, safuna kuyang'ana ku Kibula, ndipo mayi amene ali kumwezi amawanena popanda vuto, kotero palibe chifukwa chowachedwetsera. Mukhoza kuwanena mukuvala nsapato. Ayatul-Kursi, ndime 255 ya Sura ya Al-Bakara, imawerengedwanso m'mawa ndi madzulo, ngakhale kuti umboni wake wamphamvu koposa, wa Abu Huraira m'buku la Bukhari, ukunena za nthawi yogona, ndipo ndime ziwiri zomaliza za sura yomweyo, 285 ndi 286, ndi za usiku.

Chiwerengero ndi mawu musazisinthe. Pamene Mtumiki ananena katatu, nenani katatu, ndipo pamene sanatchule chiwerengero nenani kamodzi, osawonjezera poganiza kuti kuchulutsa kumalimbitsa linga. Al-Bara bin Azibu ataphunzitsidwa duwa yogonera anaibwereza pamaso pa Mtumiki n'kusintha liwu limodzi lokha, kunena kuti mtumiki wanu m'malo mwa mneneri wanu, ndipo anakonzedwa nthawi yomweyo. Ndikutchula izi chifukwa masiku ano pamafalitsidwa maduwa ambiri okhala ndi malonjezo akuluakulu ndi ziwerengero zachilendo, opanda dzina la Swahaba amene anawamva ngakhale buku la hadisi limene achokera. Yang'anani m'kabuku kanu ngati duwa iliyonse yalembedwa gwero lake, ndipo ngati mulibe, kaonetseni kwa wophunzira amene amadziwa hadisi. Kulemba mawuwa papepala n'kuwapachika pa njinga sikulowa m'malo mwa kuwanena, pakuti malonjezo onse amene tatchulawa anaperekedwa kwa amene wanena mawuwo.

Ndiye pali njinga yeniyeniyo. Mtumiki yemwe anaphunzitsa duwa ya madzulo ndi yemwenso analamula, m'hadisi ya Jabiri imene ili mwa Bukhari ndi Muslim, kuti usiku ukamayamba ana alowetsedwe m'nyumba, zitseko zitsekedwe potchula dzina la Allah, ziwiya zivundikiridwe ndipo nyale zizimitsidwe pogona kuopa moto. Pa Uhudi anavala malaya achitsulo awiri. Kwa munthu amene anafunsa ngati amange ngamira yake kapena aisiye n'kudalira Allah, yankho linali lakuti aimange ndipo adalire. Choncho pofufuza pamene munalakwitsa, funso la mabuleki, la liwiro ndi la chisoti ndi funso la chipembedzo mofanana ndi funso la katatu lija, ndipo mwina ndi kumeneko kumene yankho lili. Ngati nakonso simukupeza cholakwa, ndiye kuti palibe chimene munalakwitsa, ndipo chakugwerani ndi cha m'gulu limene Mtumiki ananena kuti Msilamu sapezedwa ndi kutopa, matenda, nkhawa ngakhale munga womubaya popanda Allah kumufafanizira nazo machimo.

Pamene mkonowo ukupola, tsatirani zimene akuchipatala anakuuzani, ndipo onjezerani duwa imene Mtumiki anaphunzitsa Usumani bin Abil-Asi atadandaula za ululu wa m'thupi mwake, monga ilili m'buku la Muslim. Ikani dzanja lanu pamalo pamene pakupwetekapo, ngakhale pamwamba pa pulasitalayo, nenani "Bismillah" katatu, kenako nenani kasanu ndi kawiri kuti "A'udhu billahi wa qudratihi min sharri ma ajidu wa uhadhir", kutanthauza kuti: ndikudzitchinjiriza mwa Allah ndi mphamvu zake ku zoipa za chimene ndikumva ndi chimene ndikuopa. Iyi ilibe nthawi yoikika, ndipo mukhoza kuibwereza nthawi iliyonse imene ululu wadzuka, makamaka usiku pamene fupa lothyoka limavutitsa kwambiri.